Mawu oti alowe m'kabuku ka matanthauzo a zomangamanga

Funso: Ndimaphunzitsa zomangamanga ku Dedza ndipo ndikukonza kabuku ka mawu a ntchitoyi m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Kodi ndilembe mawu obwereka monga levulo, kapena ndipeke a Chichewa chenicheni? Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, musanapeke mawu alionse, pitani kumene amisiri akumanga nyumba, muwaonetse chipangizo chilichonse osachitchula dzina, ndipo mulembe zimene akuyankheni. Akanena kuti levulo, sikweya kapena wilibala, mawuwo ndi Chichewa kale, pakuti ali ndi zambiri zake, monga malevulo ndi mawilibala. Mukapeka mawu ngati choyezera kuwongoka, wophunzira wanu adzakhoza mayeso, koma kapitawo akadzamutuma levulo adzangoti kakasi. Kumene mawu awiri akugwira ntchito, monga maziko ndi fawundeshoni, kapena nyundo ndi hamala, lembani onse, koma tanthauzo muliike pa amodzi, enawo angolozera kumeneko.

Vuto lalikulu si mawu obwereka ayi, koma mawu athu omwe amene amanyamula zinthu zingapo zimene Chingerezi chimazisiyanitsa. Titenge mawu oti matope. Mmisiri amati matope ponena dothi loponda, amatinso matope ponena simenti yosakaniza ndi mchenga yolumikizira njerwa, ndipo ena amafika potchula choncho ngakhale zopakira pulasitala. Mukalemba matope moyang'anizana ndi mawu amodzi a Chingerezi, wophunzira sadzadziwa kuti pepala la mayeso likufunsa ziti. Agaweni motere: matope adothi, matope asimenti, pulasitala, kenako konkire payekha. Pa matope asimenti tanthauzo likhale lakuti ndi simenti, mchenga ndi madzi zomangira njerwa, ndipo chitsanzo chikhale chiganizo chimene mmisiri angachinene: sakaniza muyezo 1 wa simenti ndi miyezo 6 ya mchenga. Pa konkire mutchule miyala ya kwale, popeza ndiyo imamusiyanitsa ndi matope. Chimodzimodzi mpeni: lembani mpeni womangira, kuopa kuti wina angaganize za wakukhitchini.

Pa kalembedwe tsatirani malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990, makamaka lakuti kawirikawiri r amabwera pambuyo pa i kapena e, pomwe l amakhala pena paliponse. N'chifukwa chake timalemba njerwa ndi konkire, koma kwale ndi pulasitala. Simenti ndiye imavuta pang'ono, chifukwa ena amati simenti wabwino, ena simenti yabwino. Sankhani kumodzi ndipo musasinthe mpaka tsamba lomaliza.

Kabukuko kakhale ndi zigawo ziwiri, china choyambira Chichewa, china Chingerezi. Mukamaliza, werengerani ophunzira asanu matanthauzo okha, mutabisa mawuwo, kuti aloze chinthucho m'chipinda chogwiriramo ntchito. Awiri akaloza zosiyana, tanthauzolo mulilembenso.