Nkhope mwaizindikira koma dzina lathawa, mutani?

"Zikomo, ndithandizeni maganizo. Sabata yatha ndinakumana ndi mayi ena amene tinachitira limodzi maphunziro a masiku atatu chaka chatha. Anandithamangira, kundikumbatira mpaka kunditchula dzina, ine lawo osalikumbuka olo pang'ono. Ndinali ndi mnzanga, ndinalephera kuwadziwanitsa, ndinangoti kakasi mpaka mayi aja anatsanzika. Zikadzachitikanso ndidzatani? Nanga mayi ajawa ndiwapepese?"

Achemwali, mwaona kuti m'kalata yanuyi mwandiuza komwe munakumana koyamba, masiku amene munakhalira limodzi komanso chaka chake? Ndiye kuti munthuyu simunamuiwale ayi, chomwe chinasowa ndi dzina lokha basi, ndipo chipulumutso chanu chinali pa zomwe mumakumbukazo.

Mu 1986 akatswiri awiri a ku Britain, Vicki Bruce ndi Andy Young, anafotokoza kuti kuzindikira munthu kumayenda m'masitepe. Poyamba ubongo umangoti nkhope iyi ndikuidziwa, kenako kumabwera zokhudza munthuyo, ntchito yake, komwe munaonana, zomwe munacheza, ndiye dzina limabwera pomaliza penipeni. N'chifukwa chake n'zofala kukumbukira zonse za munthu dzina lokha n'kukanika, pomwe kukumbukira dzina koma osadziwa kuti mwini wake ndi ndani n'kosowa kwambiri. Dzina silifotokoza kanthu za munthu, mukamva kuti uyu ndi namwino m'mutu mumabwera yunifolomu, chipatala, jakisoni, zonsezo zimagwirana, pomwe dzina limangolendewera palokha lopanda pogwira.

Ndiye pulani yanga ndi iyi, perekani kaye zomwe muli nazo, kenako mupemphe chomwe chasowa. Munthu akakuthamangirani chomwe akufuna kudziwa n'choti kodi ndinakhalako m'maganizo mwa uyu? Mukayamba ndi "pepani ndakuiwalani" mwamuuza kuti ayi, pomwe sizoona. Koma mukati "Ii amayi, inu si tinali limodzi ku maphunziro aja chaka chatha, munkakhala pafupi ndi windo! Mundikhululukire, dzina lokha landithawa, tandikumbutsani," mwamuonetsa kuti iyeyo mukumudziwa bwinobwino, ndipo dzinalo amangolinena akumwetulira.

Nthawi yake ndi yofunika kwambiri, mwina kuposa mawuwo. Funsani moni ukangotha, mphindi yoyamba isanadutse. Mukacheza mphindi khumi mukuzemba ndi "achemwali", "amayi", "bwana", kenako n'kudzafunsa potsanzikana, munthu amabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuganiza kuti kani kuseka konse kuja samandidziwa, apa ndiye zimawawa. Mawu aulemuwa ndi abwino ndithu kugulira masekondi angapo poona ngati dzina libwere lokha, koma osamangapo nyumba.

Pepani wake akhale mmodzi, wamfupi. Anthu ambiri amalakwitsa apa, amayamba "ine mutu wangawu, ine maina sindisunga, ukalambatu, ntchito yachuluka," ndiye mnzanu uja amene mwamuiwala dzina ayambenso ntchito yokutonthozani inuyo. Komanso kunena kuti mumakumana ndi anthu ambiri kumamveka ngati mukuti iyeyo ndi mmodzi chabe mwa chigulu. Akakuuzani dzina libwerezeni mokweza pomwepo, mubwerere ku nkhani, mudzalitchulenso potsanzika.

Pali chinthu china chomwe ndikupemphani musamachite, kulota dzina. Dzina likakhala pafupi kutuluka mumamva ngati mwaligwira, mwina mpaka chilembo choyamba mukuchidziwa, ndipo Roger Brown ndi David McNeill anaonetsa mu 1966 kuti munthu akasowa liwu chonchi nthawi zambiri amakumbukiradi chilembo choyamba ngakhale liwulo silikubwera. Vuto ndi loti dzina lina lofanana nalo limalowerera pakati, mukamalimbikira kuganiza lomwelo limangobwerabwera, inu n'kulitulutsa molimba mtima. Kumutchula munthu dzina la wina kumapweteka kuposa kufunsa, chifukwa tsopano akuyenera kusankha, akukonzeni pagulu kapena angovomera dzina losakhala lake. Ngati mukukayika olo pang'ono, funsani.

Tinjira tozembera tija, toti "tandilemberani nambala ndi dzina lanu mufonimu" kapena "paja dzina lanu mumalemba bwanji," nthawi zina timagwira koma ine sinditikonda. Dzina likakhala la zilembo zinayi losavuta kulemba mwagwidwa pomwepo, ndiye mwaoneka woiwala komanso wachinyengo nthawi imodzi. Mwinanso nambala yawo ili kale mufoni mwanu.

Tsopano povuta penipeni ndi pomwe inu munakodwa, pakakhala munthu wachitatu. Zinandichitikira pa miting'i ina ya kuntchito, nthawi yopuma, ndaima ndi mnzanga pakhonde, kunabwera bambo ena amene tinagwirapo limodzi ntchito miyezi iwiri zaka zinayi zapitazo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri osalisiya, mnzanga uja akuyang'ana ine, akuyang'ana iwo, kudikira. Ndimakumbuka kuti anali a zowerengera ndalama komanso kuti nthawi ija mwana wawo wamkazi ankalemba mayeso, dzina lokha zii. Ndinayamba ndi amene dzina lake ndimalidziwa, "Bambo, awa ndi anzanga a ku ofesi," n'kutchula dzina la mnzangayo, kenako ndinatembenukira kwa mnzanga, "bambo awa anatithandiza kwambiri pa nkhani ya malipoti a ndalama," ndikukhala chete pang'ono. Nthawi zambiri pakaduka mphepo chonchi munthu amapereka dzanja n'kudzitchula yekha. Tsiku limenelo sanatero, anangoti "takondwa kukudziwani" basi. Ndiye sindinadikirenso, ndinati "bambo mundikhululukire, dzina lanu landisowa pakamwa, ndikufuna ndikudziwanitseni bwino." Analinena, ndinalibwereza, n'kufunsa za mayeso a mwana uja, nkhope yawo inawala ndipo tinacheza mpaka belu lobwerera mkati. Njira yodikira kuti adzitchule okhayi muziyesa kamodzi kokha, ikakanika funsani poyera, chifukwa kusiya anthu awiri ataima osadziwana ndi kumene kumaoneka ngati mwano.

Pali malire ake. Ngati ndi munthu amene mumaonana naye pafupipafupi ndipo munafunsapo kale kawiri, kufunsa kachitatu kumabaya, apo bola mupereke moni wabwino waulemu, mukachoka mufunse wina amene akumudziwa, mulembe mufoni dzinalo pamodzi ndi komwe mumakumana. Ndipo ngati nkhope yomwe simukuikumbuka musanamizire, chifukwa afunsa za anthu amene simukuwadziwa ndipo bodza likula. Ingonenani kuti "tandikumbutsani, tinaonana kuti paja?" Malo akatchulidwa zambiri zimabwerera zokha.

Za mayi ajawa, ee, afuneni, ndipo musachedwe. Maphunziro ngati amenewo nthawi zambiri pamakhala ndandanda wa maina kapena gulu la pafoni, apo ayi funsani mnzanu amene munali naye kumeneko. Mukalipeza dzina atumizireni meseji yoyamba ndi dzina lawolo, munene kuti munasangalala kuwaona, dzina linakuthawani pa nthawiyo n'chifukwa chake simunawadziwanitse kwa mnzanu, pepani. Mizere itatu yakwana, osachulutsa. Iwo anachoka pamalo paja osadziwa chomwe chinakuzizitsani, mwina akuganiza kuti simunafune kuti mnzanuyo awadziwe, ndiye mesejiyo ndi imene iwauze kuti nkhani inali ya dzina basi.