Funsani Dokotala: Kodi mafuta a lavenda angandibwezere tulo?

Adokotala, miyezi inayi tsopano ndimadzuka cha m'ma 2 koloko usiku mtima ukugunda kwambiri, maganizo ali pa ngongole ya banki m'khonde. Ndimadontheza mafuta a lavenda pa pilo, masiku ena ndimamwa piritoni. Mnzanga akuti ndizithira mafutawo mu tiyi poti ndi achilengedwe. Nditero?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, musamwe mafutawo. Kabotolo kameneko muli madzi a chomera okhathamira kwambiri, ndipo akamwedwa amatha kuyambitsa nseru, kusanza ndi kuwodzera koopsa, makamaka kwa ana. Mawu oti "achilengedwe" asakunyengeni. Fodya nayenso amamera m'munda.

Ndikuganiza kuti mnzanuyo anamva za kapisozi wa ku Germany wotchedwa Silexan, wa mamiligalamu 80, amene pa kafukufuku anachepetsadi nkhawa mwa anthu ena. Koma ameneyo anapangidwira kumeza, mlingo wake ndi woyezedwa. Wanu wa pa pilo si ameneyo.

Za kununkhiza, kafukufuku alipo, koma wambiri ndi wa anthu ochepa ndiponso masiku ochepa. Wina wa mu 2010 anachitikira m'chipinda chodikirira dokotala wa mano. Amene ananunkhiza lavenda anati mtima wakhalako m'malo panthawiyo, koma mantha awo oopa kudzabweranso sanasinthe. Palinso vuto lina: fungo silibisika. Munthu amadziwa kuti wapatsidwa lavenda, ndiye n'kovuta kusiyanitsa mphamvu ya mafutawo ndi chiyembekezo chake. Choncho fungoli lingakukhazikeni mtima kwa kanthawi, koma nkhawa ya miyezi inayi silingaichotse. Ngati limakusangalatsani, madontho awiri pa kansalu pafupi ndi bedi akwana. Musadzole pakhungu osasungunula, ndipo ngati muli ndi mphumu, lisiyeni likayamba kukutsokomoletsani.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi miyezi inayiyo, mayi. Mwapirira nthawi yaitali nokha. Piritoni ndi mankhwala a ziwengo. Thupi limamuzolowera msanga, tulo take n'kutha, inu n'kumangodzuka mutu uli wolemera.

Kudzuka usiku kwambiri tulo osabweranso kumayenda kawirikawiri ndi matenda a nkhawa kapena okhumudwa, ndipo onsewa amachizika. Kugunda kwa mtima kungachokerenso ku kuchepa kwa magazi kapena chithokomiro chogwira ntchito mopitirira. Pitani ku chipatala cha m'dera lanu kapena ku Bwaila sabata ino. Mukafika musangoti "sindikugona". Nenani za ngongoleyo, za chilakolako cha chakudya, ngati mwaonda, ndi mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ma ARV, poti ena amasokoneza tulo, koma musawasiye nokha. Pemphani akuyezeni magazi ndi BP, komanso akutumizeni kwa a uphungu. Ngati maganizo oti bola kufa anakufikiranipo, uzani m'bale amene mumamukhulupirira ndipo mupite lero lomwe.