Magetsi akathima, makina osweretsa mazira amayambira pati?

"Anzanga, ndine wa ku Nkhotakota. Makina anga osweretsa mazira amayendetsedwa ndi kakompyuta ka Raspberry Pi. Magetsi akathima zonse zimazima. Kodi kabatire ka 12V 7Ah kangandikwanire?"

Achimwene, funso lanuli landitosa pachilonda. Ine kuno ku Salima ndinataya mazira 115 mwa 176 usiku umodzi, kabatire komweko kali pompo.

Amene anandimangira makinawo analumikiza zonse ku inveta imodzi: Pi, rauta, mota yotembenuza mazira, ndi hita ya mawati 150. Tawerengani nokha. 12V kuchulukitsa ndi 7Ah ndi 84Wh, ndipo batire ya mtovu mukaimwa kupitirira theka imafa msanga, ndiye zanu zenizeni ndi 42Wh basi. Hita yokhayo imamaliza zimenezo mphindi 20 zisanakwane. Iye ankati "izi zikufikitsani m'mawa bwana". M'mawa wake uti?

Magetsi anathima cha m'ma 7 madzulo, mazira ali pa tsiku la 19. Kuzizira sikunandidetse nkhawa, unali Okutobala, mukudziwa mmene kumatenthera kunyanja kuno. Ndinafunditsa bokosilo bulangete n'kukagona. Cha m'ma 2 usiku ndinadzuka ndi phokoso la mota, gwiii, gwiii. Mtima unangoti phwii, chifukwa pa tsiku la 18 kutembenuza kumaleka, mwanapiye amakhala atalozetsa kale mlomo kumene akaboolere. Ndithamangire ndi tochi, pagalasi palembedwa Day 1. Makina akugubuduza mazira oboola kale, ena akulira m'kati, kamodzi katulutsa mutu mwendo utapanika pakati pa timipukutu. Chinyezi chomwe chimayenera kukhala cha m'ma 65 mpaka 70 peresenti chinabwerera pa 50, kakhungu kam'kati kanauma n'kuwamatirira. Ndinakhala pansi m'khitchini mpaka kucha, ndikusenda zikhungwa ndi chikhadabo, ambiri atafa kale. Mayi akunyumba anangondiyang'ana osanena kanthu.

Cholakwika chinali chakuti pulogalamu ya wondimangira makina uja inkangowerenga masiku m'mutu, osalemba penapake. Ikazima imayambiranso pa 1. Komanso Pi 4 ilibe wotchi yakeyake, nthawi imakaitenga pa intaneti, ndipo usiku umenewo netiweki inali isanabwerere. Nditamuimbira anati vuto ndi mazira anga, akuti mwina tambala ndi wokalamba! Lero lino foni yanga sayankha, koma ndimamuona pa Kamuzu Road akuyenda mwamatama ngati palibe chinachitika.

Ndiye mverani. Hita ichoke pa kabatireko. Pi ndi rauta pamodzi zimadya mawati pafupifupi 10, kutanthauza maola anayi pa 42Wh ija. Inveta ichokenso, imadya moto ngakhale isakugwira ntchito. Rauta zambiri ndi za 12V kale, onani kuseri kwake, ndipo Pi muipatse kachipangizo kotsitsa 12V kufika 5V. Ikani fyuzi pafupi ndi batire.

Gulani kawotchi ka DS3231, kamayendera kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Mu `config.txt` muwonjezere:

```
dtoverlay=i2c-rtc,ds3231
```

I2C, njira yomwe kawotchiko kamalankhulira ndi Pi, ikhale yoyatsidwa, muyambitsenso Pi, mulembe nthawi m'kawotchiko ndi `sudo hwclock -w` intaneti ilipo, kenako `sudo hwclock -r` ikuonetseni nthawi yolondola. Tsiku loika mazira lilembedwe mu fayilo kamodzi kokha, makina akadzuka azichotsera okha kuti lero ndi tsiku lachingati. Kulemba pafupipafupi ayi, magetsi akathima pakati polemba kakhadi ka memore ka mu Pi kamawonongeka. Ndipo akadzuka osadziwa tsiku, mota isayende, alize belu basi. Dzira limapirira maola angapo osatembenuzidwa, koma kuligubuduza likuswa ndi kupha. Hita ikhale ndi chowongolera kutentha chakechake pa madigiri 37.5, chosadalira Pi. Magetsi akabwera mota idikire mphindi zitatu, paja athuwa amabwera, kuthima, kubweranso.

Yesani mazira asanalowe. Zulani pulagi ndi batire yomwe, bwezerani, muone chimene chikuyamba kuyenda. Timarile tina, timaswichi tomwe Pi imayatsira mota, timayaka kaye Pi ikamadzuka pulogalamu isanayambe, mudzamva kuti tha! Chitani zimenezi kasanu.

Koma kunena zoona, musakhulupirire pulogalamu iliyonse, ngakhale yokonzedwa bwino. Ine masiku ano tsiku la 18 likakwana ndimazula waya wa mota ndi dzanja, madeti ndinalemba ndi makala pachitseko. Kabatireko gulanibe, ine ndili nato tiwiri, kungoti kutentha kwa kuno kumatikalambitsa msanga. Kanga koyamba kanatupa chaka chisanathe.