Mpweya wa m'matumbo unayesedwa miyala mu ndulu

"Abale, sikani yaonetsa miyala mu ndulu ya mayi anga ndipo akuti opaleshoni. Koma anawajambula atangodya kumene. Makinawa amalakwitsa?"

Achemwali, mtima wanga wachita kuwawa. Ine zinandionekera. M'mimba mumandipweteka kumanja, kunsi kwa nthiti. Pa kachipatala kena kolipira anangoti gonani apa. Palibe anandifunsa ngati ndadya, chonsecho ndinali nditadya mandasi awiri ndi chakumwa cha gasi ndili pamzere. Bambo wojambula uja anandipaka mafuta ozizira aja, kuyendetsa kachipangizo kake mphindi zosakwana zitatu, foni ili kukhutu, kenako akuti, "Mayi, miyala yadzaza, konzekani mpeni." Miyendo inazizira. Ndinakhala pabenchi panja, kapepala kali m'manja kunjenjemera, ndikuganiza kuti wanga wa miyezi 8 ayamwa chiyani ndikagonekedwa. Usiku umenewo sindinaone tulo. Mpaka lero bambo ameneyo ndikamukumbukira ndimapsa mtima, kundiuza nkhani yotere osandiyang'ana n'komwe kumaso!

Kwina anandiuza ndibwere m'mawa osadya kanthu maola 8. Mayi amene anandijambula ananditembenuzira sikirini n'kundifotokozera. Sikani imeneyi imagwira ntchito ndi mafunde a phokoso, ndipo mafundewo sadutsa mpweya, amabwerera. Ndiye mpweya umaoneka chinthu chowala chokhala ndi mthunzi kumbuyo, ndendende mwala. Chiyambi cha matumbo aang'ono chinagundana ndi ndulu, komanso ukadya ndulu imafinyika n'kuchepa, moti wothamanga amasokoneza ziwirizi. Anati mthunzi wa mwala umakhala wakuda bii, m'mbali mowongoka, pomwe wa mpweya ndi wotuwa, wosokonekera ngati utsi. Anandigoneka chakumanzere, akuti mwala weniweni umagubuduzika kutsikira pansi mkati mwa ndulu. Changa chija chinali kunja kwa ndulu, chikusintha maonekedwe matumbo akamayenda, kenako zii. Ankandiuzanso kuti kokani mpweya, gwirani pomwepo, chifukwa ukamapuma chithunzi chimagwedera. Ndulu inali bwinobwino. Vuto linadzapezeka kuti ndi zilonda za m'mimba.

Mayi anuwo akajambulitsenso atakhala maola 6 mpaka 8 osadya, madzi pang'ono okha, zagasi ayi, ndipo muone kuti awatembenuza. Akawatumanso ku ekisire avule mikanda ya m'chiuno ndi chovala cha zipi kapena mabatani achitsulo, zimenezonso zimatuluka zoyera ngati timiyala.

Komatu musanyoze zomwe a dokotala anenazo. Sikani imaona miyala ya mu ndulu bwino kwambiri, ndipo nthawi zambiri ikati ilipo imakhala ilipodi. Tsiku la opaleshoni musalifufute kaye. Maso akayamba chikasu, thupi kutentha kapena kusanza kosaleka, musadikire sikani yachiwiri, thamangani nawo usiku womwewo.