Ndaphonya mapiritsi awiri olera, nditani?

"Amayi anzanga ndithandizeni. Ndimamwa Microgynon 8 koloko usiku uliwonse. Loweruka ndinapita kumaliro ku Mitundu, paketi n'kuiiwala kunyumba, ndiye Loweruka ndi Lamulungu sindinamwe. Ndabwera lero Lolemba m'mawa. Ndimwe onse pakamodzi, kapena ndidikire ndisambe kaye ndiyambirenso paketi ina?"

Achemwali, pepani ndi zovutazo. Musadikire kusamba ayi, amayi ambiri amatengera mimba pa kudikira komweko. Tengani piritsi la Lamulungu mumwe pompano, ngakhale musanamalize kuwerenga izi. Ikakwana 8 koloko usiku mumwe la Lolemba monga mwa masiku onse, ndiye kuti lero mumwa awiri. La Loweruka lichotseni mulitaye kuti lisakusokonezeni masiku. Kumwa atatu sikuwonjezera chitetezo, kumangobweretsa nseru, ndipo mukasanza mwataya onse.

Ine ndine namwino, ndipo funso limene ndikanakufunsani mukanabwera pamaso panga ndi lakuti mapiritsi awiriwo ali pamzere uti wa paketi. Itengeni muiyang'ane. Ili ndi mapiritsi 28. Oyamba 21 ndi amene ali ndi mahomoni oletsa dzira kukhwima ndi kutuluka. Omaliza 7 abulawuni aja alibe mphamvu yolera, muli ayironi wothandiza magazi basi, ndipo anawaikamo kuti musataye chizolowezi chomwa tsiku ndi tsiku. Choncho mwezi uliwonse thupi limakhala masiku 7 osalandira mankhwala. M'masiku amenewo mazira amayamba kudzuka pang'onopang'ono, ndipo piritsi loyamba la paketi yatsopano limafika nthawi yake kudzawagonekanso dzira lisanakhwime. Masiku 7 amenewa akatalika n'kufika 9 kapena 10, mwa amayi ena dzira limatha kukhwima n'kutuluka. Ndiye chifukwa chake mapiritsi awiri ophonyedwa sakhala ndi ngozi yofanana paliponse.

Ngati awiri anuwo ali pamzere wachiwiri, ndipo sabata yonse yam'mbuyo munamwa mosadumphitsa, khazikani mtima pansi. Masiku 7 otsatizana akumwa bwino amakhala atagoneka mazira mokwanira, moti masiku awiri sakwanira kuti dzira lituluke.

Ngati ali pamzere woyamba, makamaka ngati Loweruka ndilo linali tsiku loyamba paketi yatsopano, apo ndi pofunika kusamala. Werengani nokha: masiku 7 a abulawuni, kuwonjezapo Loweruka ndi Lamulungu, akwana masiku 9 opanda mahomoni. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati pa mapiritsi a mphamvu ngati ya Microgynon, kuphonya limodzi kapena awiri ngozi yake ndi yochepa, ndipo kusamala kwapadera kumayambira pa atatu. Koma malangizo a mayiko ena, monga a ku Britain ndi America, amayambira pa awiri. Ineyo pamzere woyamba ndimatsata okhwimawo, chifukwa mayi amene akuti waphonya awiri nthawi zambiri amapezeka kuti analichedwetsanso lina. Gwiritsani ntchito makondomu, kapena muwapemphe bambo apirire, mpaka mutamwa masiku 7 otsatizana. Mukayamba lero Lolemba, tsiku lachisanu ndi chiwiri ndi Lamulungu likubwerali, ndipo kuyambira Lolemba linalo mwatetezekanso.

Pali chinanso pamzere woyambawu. Ganizirani ngati munakhala malo amodzi ndi bambo popanda kondomu m'masiku 5 apitawa, kuyambira Lachitatu. Mbewu ya abambo imatha kukhala yamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5, ndiye ya Lachisanu usiku ikhoza kukumana ndi dzira lotuluka Lachiwiri. Ngati zinatero, pitani lero lomwe mukapemphe mapiritsi olera a pangozi. Amapezeka kuzipatala za boma monga ku Bwaila, ku Kawale kapena ku Area 25, ku Banja la Mtsogolo, ngakhalenso m'mafamase. Ntchito yawo ndi kuchedwetsa dzira kutuluka, sachotsa mimba, choncho dzira likatuluka kale sathandizanso. Amagwira bwino kwambiri m'masiku atatu oyamba, ndipo akadutsa masiku 5 nthawi yatha. Mukamwa amene ali ndi levonorgestrel, monga Postinor, mapiritsi anu a tsiku ndi tsiku musawasiye, pitirizani.

Ngati ali pamzere wachitatu, vuto lili kutsogolo. Thupi lapuma kale masiku awiri, ndiye musalipatsenso masiku 7 opuma posachedwa. Malizani mapiritsi a mahomoni otsalawo, abulawuni 7 aja muwataye, m'mawa mwake muyambe paketi yatsopano. Mwezi umenewo mwina simusamba, kapena mungoona timadontho. Palibe magazi amene aunjikana m'mimba, musaope zimenezo. Ndipo ngati amene munaphonya ndi abulawuni okhaokha, palibe chimene chawonongeka, atayeni, chachikulu muyambe paketi yatsopano pa tsiku lake lenileni. Ndimawauza amayi kuti azikatenga mapaketi ena akadali ndi ina yathunthu m'nyumba, chifukwa kuchedwa kuyamba paketi n'koopsa kuposa kuiwala pakati pa mwezi.

Kwa amene waphonya limodzi lokha, nkhani ndi yaifupi. Imwani mukangokumbukira, lotsatira pa nthawi yake, basi.

Koma amayi oyamwitsa amene mukuwerenga, yang'anani dzina pa paketi yanu musanatsatire zimenezi. Ngati palembedwa Microlut, malamulo ake ndi ena. Mapiritsi amenewo ali ndi homoni imodzi yochepa mphamvu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti mbewu ya abambo isadutse. Kulimbako sikukhalitsa. Mukachedwa ndi maola oposa atatu, monga womwa 8 koloko kufika 11 koloko itadutsa asanamwe, tiziti mwaphonya. Imwani nthawi yomweyo, pitirizani tsiku ndi tsiku, ndipo masiku awiri otsatira mugwiritse ntchito kondomu. Ngati mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku ndipo simunayambirenso kusamba, kuyamwitsako kumakutetezani ndithu, koma mukayamba kusamba maola atatuwo muziwalemekeza.

Kusanza nakonso ndi kuphonya. Mukasanza pasanathe maola awiri mutamwa piritsi, ndiye kuti silinalowe m'magazi, imwani lina. Kutsegula m'mimba kwambiri kopitirira masiku awiri kutengeni ngati mwaphonya masiku amenewo. Ndipo amene akumwa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, kapena ena a khunyu, auze a chipatala, chifukwa amafooketsa mapiritsi ngakhale mayi asaphonye n'limodzi lomwe.

Achemwali, sabata ino mukaona timagazi pa kabudula wamkati, musadabwe. Zimachitika mahomoni akatsika n'kukweranso, sikusamba kwenikweni ndipo si chifukwa chosiyira kumwa. Chimene muyenera kuyang'anira ndi kumapeto kwa paketi. Mukamaliza abulawuni osasamba, kapena mukayamba kumva nseru ya m'mawa ndi mabere kuwawa, kayezetseni mimba. Kuyeza kumanena zoona pakatha masabata atatu kuchokera tsiku limene munagonana mosadziteteza, koyeza mawa sikungaonetse kanthu. Podikira zotsatira pitirizani kumwa, mapiritsiwa savulaza mwana ngati mimba ilipo kale.

Usiku uno mukamwa la Lolemba, ikani paketi ina yosatsegula m'chikwama chimene mumayenda nacho, pakuti uthenga wa maliro supatsa munthu nthawi yolongedza. Ndipo ngati maulendo otere amakuchulukirani moti mwezi uliwonse mumaphonya, mukafunse kuchipatala za jakisoni wa miyezi itatu. Alipo wa Sayana Press amene amakuphunzitsani kudzibaya nokha kunyumba.