Chitseko cha kumbuyo ndicho choopsa

"Abale, ndangoyamba kumene kuyendetsa njinga yamoto. Magalimoto akaima pamzere ndimaona anzanga akudutsa pakati, koma ine mantha. Mumadziwa bwanji kuti mpata ukukwana, nanga wina akatsegula chitseko?"

Achimwene, manthawo musawataye. Ine phewa langa lakumanzere mpaka lero silikweza chinthu cholemera chifukwa cha chitseko chomwecho. Magalimoto anali ataima nthawi yaitali pamizere iwiri, ena atazimitsa ndi injini zomwe. Ndinali pa giya wani, liwiro la munthu wothamanga pang'ono, zala ziwiri zili kale pa buleki. Ndinkayang'ana m'galasi lam'mbali la galimoto iliyonse monga amatiuzira, ndipo dalaivala wa galimoto yoyerayo ndinamuona nkhope, naye anandiona. Koma chitseko cha kumbuyo chinangoti bwanthu! Magalasi ake anali akuda, sindinadziwe kuti kumbuyoko kuli munthu. Nsonga ya chitseko inamenya handulo, buleki yakutsogolo inafinyikira zala zanga, tayala linapotokera mbali imodzi, ine n'kukamenyetsa phewa pa thiraki ya mzere winawo. Ndinamva fupa likuti thyo ndisanafike n'komwe pansi. Njinga inandigwera pamwendo, ekizozi yotentha ikundiwotcha pakatumba.

Bambo amene anatsegulayo anatsika foni ili kukhutu, n'kuyamba kusisita penti wa chitseko. Mawu ake oyamba anali akuti, "Inu anjinga mumangotulukira paliponse." Osati pepani, osati mwavulala pati. Anandichotsera njinga pamwendo ndi dalaivala wa thiraki uja. Zimandipwetekabe mtima, chifukwa kutembenuza khosi n'kuyang'ana kumbuyo usanatsegule sikutenga ngakhale sekondi imodzi. Dalaivala ali ndi galasi, koma wokhala kumbuyo alibe, ndipo ambiri saganizako n'komwe kuti pakati pa magalimoto pangadutse munthu.

Ndiye mverani. Mzere umene ukuyenda pang'onopang'ono, zitseko sizitsegukatseguka, choopsa pamenepo ndi wosintha mzere. Koma mzere ukaima ndithu kwa mphindi zingapo, anthu amatopa, amatsika kuti aone chatsekereza n'chiyani kapena angoyenda wapansi. Pamenepo werengani mitu ya m'galimoto, makamaka ya kumbuyo. Mutu ukapendekera kuchitseko, wina akamavula lamba kapena kunyamula chikwama, imani. Galimoto ya magalasi akuda kapena takisi, muziiona ngati kuti chitseko chatseguka kale.

Nkhani yaikulu ndi liwiro. Pa makilomita 30 pa ola mumayenda mamita oposa 8 pa sekondi imodzi, pafupifupi magalimoto ang'onoang'ono awiri, ndipo sekondi imeneyo ndi yongoona ndi kuyamba kufinya buleki, kuima kusanayambe. Pa makilomita 10 pa ola simufika mamita atatu. Chitseko chikatseguka chonse chimatuluka pafupifupi mita imodzi, pomwe mpata wa pakati pa mizere nthawi zambiri suposa pamenepo kwenikweni, ndiye kozembera kulibe. Chimene chingakupulumutseni ndi kuima basi.

Poyeza mpata musayang'ane pansi pamatayala, yang'anani pamene pali magalasi. Njinga imatambalala kwambiri pa mahandulo ndi magalasi anu, ndipo magalasi a maveni ndi mapikapu amakhala pamsinkhu womwewo. Ngati mpata ukufuna kuti mupendeke kapena mupinde chigongono kuti mudutse, sukukwana. Mukanyamula katundu kapena munthu kumbuyo, kumbukirani kuti mawondo ake ndi katunduyo zingatambalale kuposa mahandulo. Pakati pa basi ndi thiraki musalowe ngakhale mpata uoneke waukulu, chifukwa dalaivala ali pamwamba sakuonani, ndipo akamakhota matayala akumbuyo amadula njira n'kutseka mpatawo inu muli m'kati.

China, mukaona danga lalikulu mumzere, wina waima osasendera kutsogolo, musakondwe. Kawirikawiri akupatsa njira galimoto yotuluka m'kamsewu kapena munthu wowoloka, ndipo iwowo sakukuyembekezerani inu. Komanso galimoto ya mzere winawo ikhoza kulumphira m'dangalo popanda indiketa. Yang'anani tayala lake lakutsogolo, limayamba kupotoka galimoto isanasunthe.

Kunena zoona, zambiri mwa izi ndinkazichita tsiku lija koma ndinagwabe, ndiye mtima wina umati ndikuuzeni kuti muzingodikira pamzere ngati galimoto. Komatu kuima kumapeto kwenikweni kwa mzere nakonso n'koopsa, wobwera mothamanga akhoza kukupanikizirani ku galimoto ya kutsogolo. Ine ndimalowabe, koma ndimangodutsa magalimoto ochepa n'kupeza pokhala pamene ndikuoneka bwino, ndipo mzere ukangoyamba kuyenda ndimabwerera m'kati. Funsaninso malamulo a kumene mukuyendetsako, chifukwa m'maiko ena kudutsa pakati n'kololedwa, kwina n'kulakwa, ndipo zimenezo zidzakhudza amene alipire ngozi ikachitika.