Mwana wanga ndi wachialubino, amathamanga: gulu lake ndi liti?

"Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndi wachialubino ndipo saona patali. Pa mpikisano wa mamita 400 amasiya anzake onse pasukulu. Aphunzitsi amasewera akuti akhoza kupita ku masewera a anthu olumala, koma ayambe wayezedwa kuti aikidwe m'gulu. Kodi akamuthamangitsa ndi osaona kotheratu, sikudzakhala kubera? Nanga kuyezako kumatheka bwanji?"

Mayi, sangamuthamangitse ndi osaona kotheratu, ndipo kuyezako kulipo pofuna kupewa zomwe mukuopazo. Cholinga chake n'chakuti wopambana apambane chifukwa cha liwiro ndi kukonzekera, osati chifukwa chakuti ulumali wake ndi wochepa kuposa wa anzake.

Choyamba chomwe makolo ambiri sachidziwa ndi ichi: chialubino pachokha sichilowetsa munthu m'masewerawa. Oyeza sayang'ana khungu, amayang'ana maso, ndipo amafuna kudziwa kuti vutolo likumulepheretsa motani pothamanga. Othamanga a vuto la maso ali ndi magulu atatu, T11, T12 ndi T13. Chilembo T chimaimira mpikisano wothamanga ndi kudumpha, pomwe F ndi wa zoponya monga nthungo. Nambala ikakhala yotsika, vuto ndi lalikulu.

A T11 ndi osaona kotheratu kapena ongozindikira kuwala. Onse amavala chophimba kumaso, kuti yemwe amaonako pang'ono asapezerepo mwayi, ndipo amathamanga ndi wowatsogolera atagwirizira kachingwe. Wotsogolerayo saloledwa kukoka mnzake, komanso akayamba ndiye kudutsa mzere womaliza, onse awiri agwa nayo. A T12 amasankha okha kukhala ndi wowatsogolera kapena ayi. A T13 amathamanga okha. Taonere Banda, Mmalawi woyamba kupikisana ku Paralympics, masewera a dziko lonse lapansi a anthu olumala, ku Rio mu 2016, adathamanga mamita 400 m'gulu la T13 lomweli.

Tsono tiyeni titenge mwana wanu. Kuchipatala cha maso amalemba zotsatira ngati 6/18, 6/36 kapena 6/60. Mukaona 6/60, ndiye kuti chilembo chomwe wamaso abwino amachiwerenga ali pa mamita 60, iye amachiwerenga pokhapokha atayandikira pa mamita 6. Malire olowera T13 ali pomwepo, pa 6/60 kapena kutsika kuposa apo. Koma muyesowo umatengedwa pa diso lomwe limaona bwino, atavala magalasi omuyenera. Tinene kuti opanda magalasi amaona 6/60 maso onse, koma akavala magalasi diso lamanja limafika 6/36. Pamenepo oyeza adzati sakuyenera, ngakhale kuti m'kalasi amavutikadi kuona pabolodi. Khomo lina ndi la amene amaona ngati akusuzumira m'paipi: ngati dera lomwe diso limaona ndi lochepera madigiri 40, amalowa T13, ndipo likachepera madigiri 10 ndi T12.

Akauzidwa kuti sakuyenera, sindiye kuti akunama kapena alibe vuto. Ndi malire a mpikisano chabe, ndipo apitirize kuthamanga ndi anzake monga akuchitira pano.

Poyambira ndi kwa dokotala wa maso, osati pabwalo. Pali fomu yofotokoza matenda yomwe dokotalayo amadzaza, ndipo imapita kudzera ku komiti ya Paralympics ya dziko lino. Kuyeza kovomerezeka pa mipikisano ya mayiko kumachitika ndi akatswiri a maso ophunzitsidwa ntchitoyi, kawirikawiri masiku ochepa mpikisano usanayambe. Amagwiritsa ntchito chilembo E chotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana, mwana n'kumaloza komwe miyendo yake yayang'ana. Apite ndi magalasi ake ndi mapepala onse akuchipatala, chifukwa mapepala akaperewera amatha kubwezedwa osapatsidwa gulu, ulendo wonse n'kupita pachabe. Poti akadali kukula, musadabwe akamulembera kuti adzayezedwenso, ndipo gulu likhoza kusintha maso akasintha.

Padzapezeka wina womunong'oneza kuti, "Ukafika uzingoti sukuona." Muuzeni akane. Oyeza amabwereza muyeso pa mitunda yosiyana, ndipo mayankho akapanda kugwirizana ndi zomwe dokotala adalemba, amaimitsa kuyezako. Wopezeka akunamiza dala amaletsedwa kupikisana kwa zaka. Nkhanzazi zili ndi pochokera: ku Sydney mu 2000, timu ya basiketibolo ya Spain ya anthu a vuto la kaganizidwe idalandidwa mendulo yagolide zitadziwika kuti osewera 10 mwa 12 adalibe vutolo. Chifukwa cha zimenezo, gulu lonse la ulumali umenewu lidachotsedwa mpaka 2012.

Ine ndikadakonda kuti pepala la dokotala wa maso lomwelo mukalionetsenso kwa ahedi chaka chino, asanalembetse mayeso a MSCE, kuti amupemphere mapepala a zilembo zikuluzikulu nthawi ikadalipo.